Momwe mungakonzere webusaiti yotsatsa nyumba za lendi ndi zogulitsa mu Lilongwe

Mawebusaiti ambiri otsatsa nyumba amagwa pa zinthu ziwiri. Munthu amasaka nyumba ya zipinda zitatu ku Area 49 yosapitirira K450,000 pamwezi, koma tsamba limamubweretsera za ku Likuni, kapena limangoti palibe pomwe nyumbazo zilimo. Akapeza yomusangalatsa n'kuimba foni, amauzidwa kuti munalowa kale anthu mwezi watha. Mavuto awiriwa sachokera ku mitundu kapena kukongola kwa tsamba. Gwero lake ndi momwe uthenga wa nyumba iliyonse unasungidwira, choncho malangizowa ayambira pamenepo asanafike pa zosefera, tsamba la nyumba ndi fomu yofunsira.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti ku Gulliver, ku Area 49, kuli nyumba ya zipinda zogona zitatu, ili mumpanda wa njerwa, ili ndi mita yakeyake ya ESCOM ndi madzi a Lilongwe Water Board a m'nyumba. Lendi ndi K400,000 pamwezi, ndipo eni ake akufuna miyezi itatu pakamodzi komanso dipoziti ya mwezi umodzi.

## Zofunika musanayambe

- Domeni, kaya ya `.com` kapena ya `.mw`, ndi hositing'i yokhala ndi PHP, MySQL, satifiketi ya HTTPS komanso mwayi woika `cron`, yomwe imayendetsa ntchito yokha pa nthawi imene mwaika.
- Foni ya Android yotsika mtengo yoyesera tsamba, yokhala ndi bandulo wamba osati intaneti ya muofesi.
- Pulogalamu yochepetsera zithunzi, monga ImageMagick.
- Nyumba zenizeni zosachepera 30, zokhala ndi zithunzi ndi chilolezo cha eni ake kapena maejenti.
- Nambala imodzi ya WhatsApp ya bizinesiyi, ndi munthu amene ntchito yake ndi kuyankha.

Ngati mukugwiritsa ntchito WordPress, zonse zili m'munsimu zimatheka ndi mtundu wapadera wa zolemba komanso pulagini monga Advanced Custom Fields. Khodi isiyana, koma maganizo ake ndi omwewa.

## Sitepe 1: Lembani mndandanda wa madera

Ntchitoyi ichitike papepala kaye. Lilongwe sitchulidwa ndi mayina a misewu, ndipo munthu wofuna nyumba sanena kuti akufuna msewu wakutiwakuti. Amati ku 25, ku 18B, ku Sector 4, ku Kawale, ku Chinsapo, ku Airwing. Madera ena ali ndi nambala, ena ali ndi dzina, ndipo ena ali mkati mwa anzawo. Gulliver ili mu Area 49, 18A ndi 18B zili mu Area 18, ndipo Area 47 inagawidwa m'masekita.

Pangani tebulo la madera lokhala ndi zinthu zinayi: nambala ya dera, dzina lake lovomerezeka pa tsamba lanu, dera lalikulu lomwe lilimo, ndi mayina ena amene anthu amalemba. Mzere wa Gulliver uloze ku mzere wa Area 49 ngati kholo lake. Mukatero, wosaka Area 49 aona nyumba za ku Gulliver, za ku Shire ndi za ku Dubai zonse pamodzi, pomwe wosaka Gulliver aona za ku Gulliver zokha. M'gawo la mayina ena ikanimo kalembedwe kolakwika komwe kamabwera kawirikawiri, monga `Guliver`, `Gullivers`, `A49` ndi `49`.

Chenjezo: musalole woika nyumba kulemba dera ndi manja. Azisankha pamndandanda. Mukamusiyira bokosi lopanda kanthu, pakatha mwezi mudzapeza `Area 49`, `area49`, `A/49` ndi `49 Gulliver`, ndipo kwa kompyuta amenewa ndi malo anayi osiyana. Dera latsopano likabadwa, monga zimachitikira kumalire a mzinda cha ku Njewa kapena msewu wa ku Bunda, muziliwonjezera nokha.

## Sitepe 2: Konzani tebulo la nyumba

Lamulo lake ndi ili: chilichonse chimene munthu adzafune kusefera chikhale ndi gawo lakelake, chisabisike m'ndime yofotokozera. Ndime yoti nyumba yabwino, mumpanda, madzi ndi magetsi zilipo, imawerengeka bwino, koma simungaifunse kuti ionetse nyumba za mita yakeyake zokha.

```sql
CREATE TABLE nyumba (
  id INT AUTO_INCREMENT PRIMARY KEY,
  cholinga ENUM('lendi','kugulitsa') NOT NULL,
  dera_id INT NOT NULL,
  mtengo BIGINT UNSIGNED NOT NULL,
  miyezi_yoyamba TINYINT UNSIGNED,
  dipoziti BIGINT UNSIGNED,
  zipinda TINYINT UNSIGNED,
  madzi ENUM('mnyumba','pakhomo','kiyosiki','chitsime'),
  mita ENUM('yakeyake','yogawana','palibe'),
  mpanda ENUM('njerwa','wina','palibe'),
  ilipo ENUM('inde','dikirani','yapita') NOT NULL,
  yatsimikizidwa DATE NOT NULL,
  INDEX (cholinga, ilipo, dera_id, mtengo)
);
```

Gawo la `mtengo` ndi pomwe ambiri amaphonya. Mtengo usungidwe ngati nambala yokhayokha, `400000`, popanda K, popanda koma, popanda mawu oti tikhoza kukambirana. Ukasungidwa ngati mawu, kompyuta imayerekeza chilembo ndi chilembo, ndipo `1,200,000` imabwera patsogolo pa `400,000` chifukwa 1 ndi wochepa kuposa 4. Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuona: mukasanja kuyambira yotchipa, nyumba za ku Area 43 zimakhala pamwamba pa za ku Chilinde. K ndi makoma muziziika pa nthawi yoonetsa basi. Tasankha `BIGINT` chifukwa `INT` wamba imathera pa 2,147,483,647, ndipo nyumba yogulitsa kapena malo aakulu akhoza kudutsa pamenepo m'makwacha.

Magawo a `madzi` ndi `mita` musawaone ngati ang'onoang'ono. Funso loti magetsi ndi a mita yogawana kapena ayi limathetsa zokambirana zambiri za lendi kuposa funso la matailosi, chifukwa amene anakhalapo pa puloti ya mabanja anayi amadziwa mikangano ya mayunitsi. Chimodzimodzi madzi: mpopi wa m'nyumba, mpopi wa pakhomo wogawana ndi madzi okagula kukiyosiki ndi miyoyo itatu yosiyana. Mukhoza kuwonjezera thanki ya madzi, sola, bafa ndi chimbudzi zamkati, siling'i ndi nyumba ya antchito, koma chilichonse chikhale gawo la inde kapena ayi.

Nyumba ndi malo ogulitsa zimafuna magawo ena awiri. Loyamba ndi kukula kwa malo, ndipo kusungidwe m'muyeso umodzi. Puloti ya mamita 30 ndi 15 ndi masikweya mita 450, ndipo ekala imodzi ndi pafupifupi masikweya mita 4,047. Sungani masikweya mita, koma poonetsa lembani momwe anthu amanenera. Lachiwiri ndi mapepala: kodi malowa ali ndi lizi ya boma, mapepala a khonsolo ya mzinda, a Malawi Housing Corporation, kapena ndi malo a makolo okhala ndi kalata ya mfumu yokha? Pakhalenso yankho loti mapepala sanaonedwe, kuti woika asakakamizike kunama.

Gawo lomaliza, `yatsimikizidwa`, ndi tsiku lomwe munthu anatsimikiza kuti nyumbayo ikadalipo. Tibwererako pa sitepe 7.

## Sitepe 3: Mangani zosefera

Pa sikirini ya foni malo ndi ochepa, ndiye zosefera zoonekera nthawi yomweyo zikhale zinayi: lendi kapena kugula, dera, mtengo wosapitirira, ndi zipinda. Zotsalazo, monga mita, madzi ndi mpanda, zibisike kuseri kwa batani lolembedwa kuti `Zosankha zina`. Tsamba lotsegukira pa mabokosi khumi ndi awiri limatopetsa munthu asanaone nyumba ngakhale imodzi.

Lendi ndi kugula zikhale mabatani awiri akuluakulu pamwamba, ndipo zotsatira zake zisasakanikirane. Mtengo wa pamwezi ndi mtengo wogulira nyumba sizingasanjidwe pamzere umodzi.

Pa mtengo, ikani bokosi loti munthu alembe yekha ndalama imene sangapitirire, ndipo liikeni `inputmode="numeric"` kuti foni itulutse manambala. Pewani kachingwe kokoka ndi chala, chifukwa pa foni yaing'ono nkovuta kuimitsa pa K450,000 yeniyeni. Pewaninso magulu a mitengo omatidwa m'khodi, monga K50,000 mpaka K100,000. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, magulu otere anasiya kugwirizana ndi msika, ndipo lendi imasinthabe. Bokosi lolemba yekha silikalamba. Munthu akalemba `450,000` kapena `K450 000`, chotsani zonse zimene si manambala musanasake.

Pa zipinda, tanthauzo likhale loti zitatu kapena kuposa. Banja lofuna zipinda zitatu silingakane zinayi ngati mtengo uli bwino. Pa dera, lolani kusankha madera angapo pakamodzi, popeza wogwira ntchito ku Kanengo amayang'ana Area 25, Area 49 ndi Area 18 nthawi imodzi.

Fomu yosakira igwiritse ntchito `GET`, kuti zosankha zonse zioneke pa linki:

```
/sakani?cholinga=lendi&dera=area-49&mtengo=450000&zipinda=3
```

Phindu lake ndi lalikulu. Munthu akhoza kutumiza linkiyi kwa mkazi wake kapena m'bale pa WhatsApp, ndipo akalowa mu nyumba imodzi n'kubwerera m'mbuyo, zosankha zake zimakhala zikadalipo. Ndi `POST`, kubwerera kumafufuta zonse kapena kumabweretsa uthenga wosokoneza.

Khodi ipeze kaye `id` ya `area-49` mu tebulo la madera n'kuiika mu `$dera`, kenako funso lopita ku databesi likhale lotere:

```php
$sql = "SELECT n.* FROM nyumba n
  JOIN madera d ON d.id = n.dera_id
  WHERE n.ilipo = 'inde' AND n.cholinga = ?
    AND (d.id = ? OR d.kholo_id = ?)
    AND n.mtengo <= ? AND n.zipinda >= ?
  ORDER BY n.yatsimikizidwa DESC LIMIT 12";
$q = $pdo->prepare($sql);
$q->execute([$cholinga, $dera, $dera, $mtengo, $zipinda]);
```

Tiyeni tidutse ndi nyumba yathu. Cholinga ndi lendi, yadutsa. Dera lake ndi Gulliver, osati Area 49, koma `kholo_id` ya Gulliver ndi Area 49, yadutsa. K400,000 ndi yochepera K450,000, ndipo zipinda ndi zitatu. Nyumbayo ituluka. Mukanaiwala mbali ya `kholo_id`, bwenzi itasowa, ndipo inu simukanadziwa chifukwa tsamba silionetsa cholakwika chilichonse.

Chenjezo: zizindikiro za `?` zili pamenepo dala. Musalumikize zolemba za mlendo mwachindunji m'funso la SQL, chifukwa ndi khomo lomwe akuba amalowera n'kukopera kapena kufufuta databesi yonse. Komanso chosefera chimene munthu sanasankhe chisalowe m'funso. Akasiya bokosi la mtengo lopanda kanthu, khodi yosasamala imaliwerenga ngati 0 n'kunena kuti palibe nyumba.

Kusaka kukapanda kupeza kanthu, tsamba lisangoti palibe. Linene chimene chatsekereza, mwachitsanzo kuti ku Area 49 kulibe ya mtengo umenewo koma ku Area 25 ziliko, kapena kuti akawonjezera K50,000 apeza zingapo. Pansi pake pakhale mwayi wosiya nambala kuti adzauzidwe ikapezeka.

## Sitepe 4: Chepetsani zithunzi

Chithunzi chochokera pa foni chimalemera ma MB atatu kapena anayi. Tsamba la zotsatira lokhala ndi nyumba 12, chilichonse cha 4 MB, ndi 48 MB. Munthu wa bandulo ya tsiku limodzi satsegulanso tsamba lotero kachiwiri. Zithunzi zomwezo zikachepetsedwa kufika pa mapikiselo 400 m'lifupi, pafupifupi 30 KB chilichonse, tsamba lonse limadya 360 KB.

Chithunzi chilichonse chikalowa, seva ipange makope awiri: laling'ono la mapikiselo 400 la pamndandanda, ndi lalikulu la mapikiselo 1,200 la pa tsamba la nyumba, losapitirira 150 KB.

```
magick khomo.jpg -auto-orient -resize "1200x1200>" -strip -quality 75 khomo.webp
```

Dongosolo la mawuwa ndi lofunika. `-auto-orient` iyambe, apo ayi zithunzi zojambulidwa foni itaimirira zituluka zogona cham'mbali. `-strip` imachotsa uthenga wobisika m'chithunzi, womwe nthawi zina umakhala ndi malo enieni a GPS pomwe chinajambulidwa. Nyumba yopanda anthu yokhala ndi giza, mawaya ndi zitseko zatsopano si yoyenera kulozera aliyense. Pa zithunzi za m'munsi mwa tsamba ikani `loading="lazy"` kuti zizitsika munthu akazifikira.

Funsani zithunzi zosachepera zisanu ndi chimodzi: kutsogolo kwa nyumba, pabalaza, khitchini, chipinda chimodzi, bafa ndi chimbudzi, ndi panja poonetsa mpanda. Bafa likasowa pa zithunzi, ofuna nyumba amadziwa kuti pali chobisika.

## Sitepe 5: Yalani tsamba la nyumba

Nyumba iliyonse ikhale ndi linki yakeyake yowerengeka, monga `/nyumba/147-gulliver-zipinda-3`, ndi nambala yaifupi yoti munthu akhoza kuitchula pa foni, monga `NY-147`. Mutu wa tsamba uzipangidwa ndi khodi kuchokera m'magawo aja: Nyumba ya zipinda 3, Gulliver, Area 49. Musalole woika kulemba mutu wake, kuopa mitu ya zilembo zazikuluzikulu yongoti yabwino kwambiri fulumirani.

Pa sikirini yoyamba, munthu asanatsitse chala, aone chithunzi, mtengo wa pamwezi, dera, zipinda, tsiku lomwe nyumbayo inatsimikizidwa, ndi batani lofunsira. Pansi pake pabwere chinthu chimene masamba ambiri amabisa, chomwe ndi ndalama yolowera yonse. Pa nyumba yathu kuwerengera kwake ndi uku: K400,000 kuchulukitsa ndi miyezi 3 ndi K1,200,000, kuwonjezera dipoziti ya K400,000, zonse pamodzi K1,600,000. Ngati pali ejenti, komishoni yake ndi ndalama yokaonera nyumba zilembedwe pamzere wake, ndipo ngati palibe, tsamba linene kuti palibe. Munthu amene ali ndi K900,000 m'manja adziwiretu asanawononge thiransipoti ndi theka la tsiku. Mafoni adzachepa, koma oimbawo adzakhala anthu okonzeka kulowa, ndipo eni nyumba amakondwera ndi zimenezo.

Pambuyo pake pabwere mndandanda waufupi wa madzi, mita, mpanda, thanki ndi zina, kenako ndime yofotokozera. Ndimeyi inene zimene magawo sanganene: mtunda wochokera pa siteji ya minibasi kapena pomwe akabaza amaima, ngati msewu umadutsika ndi galimoto yaing'ono m'nyengo ya mvula, ngati eni nyumba amakhala pa puloti pomwepo, komanso sukulu kapena msika wapafupi. Zimenezi ndi zomwe munthu wa ku Lilongwe amafunsa akaimba.

Mapu aonetse chigawo chokha, bwalo la mamita pafupifupi 500, osati kadontho pa geti. Asatseguke okha chifukwa amalemera. Ikani batani loti `Onani mapu`. Njira yeniyeni iperekedwe mukagwirizana tsiku lokaona.

Tsamba linene momveka amene waika nyumbayo, kaya ndi mwini wake kapena ejenti. Chizindikiro choti yatsimikizidwa chiperekedwe pokhapokha wina wa inu wafikadi pamalopo, ndipo pakhale mawu ofotokoza zimene chizindikirocho chikutanthauza. Pafupi ndi batani lofunsira lembani chenjezo losachoka: musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba musanaone nyumba ndi kukumana ndi mwini wake. Pa malo ogulitsa onjezerani kuti wogula akafufuze yekha umwini ku ofesi ya za malo kapena kumene mapepalawo anachokera asanalipire. Tsamba lanu si kaundula wa boma, ndipo lisadzionetse ngati lotero.

Pomaliza, anthu ambiri adzafika pa tsambali kudzera pa linki yotumizidwa m'magulu a WhatsApp ndi Facebook. Ikani `og:title`, `og:description` ndi `og:image` kuti linkiyo izionetsa chithunzi, dera ndi mtengo. Chithunzi cha `og:image` chikhale JPEG yopepuka, yosafika 300 KB, chifukwa cholemera nthawi zambiri sichituluka.

## Sitepe 6: Konzani fomu yofunsira

Fomu ikhale ndi mabokosi anayi: dzina, nambala ya foni, tsiku lomwe akufuna kukaona, ndi uthenga wosakakamiza. Imelo isakhale yokakamiza, popeza ambiri ofuna nyumba saiwerenga. Nambala ya nyumba ipite yokha mobisika, kuti wolandira asayambe ndi kufunsa kuti mukunena nyumba iti.

Nambala ya foni imalembedwa m'njira zambiri: ndi 0 kutsogolo, ndi +265, ndi mipata, ndi timizere. Landirani zonse, kenako muzikonze kukhala mtundu umodzi.

```php
$n = preg_replace('/\D/', '', $_POST['foni']);
if (strlen($n) == 10 && $n[0] == '0') $n = '265' . substr($n, 1);
if (strlen($n) == 9) $n = '265' . $n;
```

Nambala ya foni ya m'manja ya ku Malawi ikakonzedwa chonchi imakhala ndi manambala 12. Koma musakane nambala zonse zosayamba ndi 265. Abale a ku Joni ndi ku Ulaya amasakira makolo nyumba ndi mapuloti, ndipo ambiri mwa iwo ndi ogula enieni.

Munthu akadina batani lotumiza, funso lake liyambe lasungidwa mu databesi, kenako ndiye uthenga upite kwa mwini nyumba kapena ejenti. Ambiri amangodalira `mail()` ya PHP, ndipo imelo ikagwera m'bokosi la zinyalala funsolo latayika popanda wodziwa. Tumizani imelo kudzera pa SMTP yovomerezeka ya domeni yanu, ndipo pakhale tsamba la mkati loonetsa mafunso onse ndi chizindikiro choti layankhidwa kapena ayi. Wofunsayo aone uthenga womveka, monga woti funso lanu la `NY-147` lalandiridwa, tikuimbirani pofika mawa masana. Lonjezani nthawi imene mungakwanitse. Batani lizime akangodina kamodzi, chifukwa netiweki ikachedwa anthu amadina katatu.

Pambali pa fomu ikani batani la WhatsApp lokhala ndi uthenga wolembedwa kale:

```php
$mawu = "Ndikufunsa za nyumba NY-147 ya ku Gulliver";
$linki = "https://wa.me/$nambala?text=" . rawurlencode($mawu);
```

`$nambala` iyambe ndi 265, popanda + ndi popanda 0 wakutsogolo, apo ayi WhatsApp inena kuti nambalayo siikudziwika.

Polimbana ndi mauthenga a makina, ikani bokosi lobisika lomwe munthu saliona. Likabwera lodzaza, walidzaza ndi pulogalamu, ndipo funsolo litayidwe. Njirayi ndi yopepuka kuposa mayeso osankha zithunzi, omwe amadya bandulo ndi kuthamangitsa anthu enieni. Mukafuna kuika malire a kuchuluka kwa mafunso, werengerani pa nambala ya foni, mwina asanu pa ola. Musadalire adiresi ya IP yokha, chifukwa makampani a mafoni amadutsitsa makasitomala ambiri pa adiresi imodzi, ndipo mukhoza kutsekera khamu la anthu osalakwa.

Chenjezo: Malawi ili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024. Pansi pa fomu lembani kuti nambalayo ipita kwa ndani ndipo igwira ntchito yanji, ndipo munthu avomereze. Musapemphe chithunzi cha chitupa cha unzika kwa munthu amene akungofunsa za nyumba, ndipo musagulitse kapena kugawa manambalawo. Fomu yonse idutse pa HTTPS.

## Sitepe 7: Chotsani nyumba zomwe zapita

Palibe mwini nyumba amene amakumbukira kubwerera pa tsamba kudzanena kuti wapeza wolowa. Ntchitoyi ichitidwe ndi seva. Ikani `cron` yoyenda usiku uliwonse:

```sql
UPDATE nyumba SET ilipo = 'dikirani'
WHERE ilipo = 'inde' AND cholinga = 'lendi'
  AND yatsimikizidwa < CURDATE() - INTERVAL 14 DAY;
```

Masiku 14 ndi poyambira pabwino pa lendi, ndipo zogulitsa zikhoza kufika masiku 45 chifukwa zimayenda pang'onopang'ono. Patatsala masiku awiri, woika alandire uthenga wokhala ndi malinki awiri, wina woti ikadalipo, wina woti yapita. Akadina woyamba, `yatsimikizidwa` isinthe kukhala tsiku limenelo, ndipo `ilipo` ikhale `inde`. Akapanda kuyankha, nyumbayo ichoke pa zotsatira mpaka atayankha. Nyumba yathu ya ku Gulliver ikaikidwa pa 1 Juni, chikumbutso chipita pa 13, ndipo popanda yankho isiya kuoneka pa 16.

Mudzaona chiwerengero cha nyumba pa tsamba chikutsika, ndipo mtima udzafuna kuwonjezera masiku. Limbani. Nyumba 40 zomwe zilipodi zimabweza anthu pa tsamba lanu, pomwe 400 zomwe theka lake munalowa kale anthu zimawaphunzitsa kuti asakukhulupirireni.

Nyumba ikapita musafufute tsamba lake. Linki yake ikadali kuzungulira m'magulu a WhatsApp. Tsambalo litseguke, lilembe pamwamba kuti yapita, libise fomu ndi nambala, n'kuonetsa nyumba zina zitatu za dera lomwelo ndi mtengo woyandikana.

## Sitepe 8: Yesani ngati mlendo

Tengani foni yotsika mtengo ija, zimitsani Wi-Fi, ndipo mupatse munthu amene sanaonepo tsambali. Muuzeni kuti apeze nyumba ya zipinda zitatu ku 49 yosapitirira K450,000 ndi kufunsa za iyo, inu mungoyang'ana osamuthandiza. Pomwe waima ndi pomwe pali vuto. Kenako yesani dala zolakwika: mtengo wopanda kanthu, mtengo wa makoma, dera lopanda nyumba, nambala ya +27, ndi kudina batani kawiri. Tsimikizani kuti funso lafika mu databesi komanso kwa wolandira.

## Zolakwika zofala

Nyumba imodzi kuoneka kanayi ndi mitengo inayi. Maejenti angapo amatsatsa nyumba imodzi, aliyense ataonjezera pake. Nyumba yatsopano isanavomerezedwe, tsamba la mkati likuonetseni zina za dera lomwelo, zipinda zofanana ndi mtengo woyandikana, kuti muyerekeze zithunzi. Sungani imodzi, ya amene ali ndi chilolezo cha mwini wake.

Kulola aliyense kuika nyumba n'kuonekera pompo. Apa ndi pomwe anthu achinyengo amalowera ndi zithunzi zotenga kwina ndi mtengo wotsika modabwitsa, kenako n'kumapempha ndalama yosungitsira. Nyumba ya woika watsopano idikire kaye munthu aione ndi kuimbira nambala yake. Pa tsamba lililonse pakhale batani lodandaulira.

Kukakamiza akaunti musanaonetse kanthu. Akaunti ndi ya oika nyumba. Wosaka aone mtengo ndi kutumiza funso popanda kulembetsa.

Kulemba 0 kapena 1 pomwe mtengo sunanenedwe. Nyumba zoterezi zimatuluka pa kusaka kulikonse ndi kukhala pamwamba pa zotchipa. Kanani mtengo wotsika mosamveka, ndipo ngati mwini wake sakufuna kutchula mtengo, nyumbayo isalowe.

Kusakaniza madola ndi makwacha m'gawo limodzi. Nyumba ina ya ku Area 10 ikalembedwa `1500` kutanthauza madola, chosefera chiiona ngati ya K1,500. Gawo la `mtengo` likhale la makwacha nthawi zonse.

Kusasunga kope la databesi ndi zithunzi. Kope lizipangidwa tsiku lililonse ndi kusungidwa kunja kwa seva yomweyo. Kamodzi pamwezi libwezeretseni pa kompyuta ina, mutsegule nyumba zingapo, muone ngati zithunzi ndi mafunso a anthu zikutuluka.